Kawerengedwe ka Mtengo Weniweni wa Katundu Wogulidwa Kunja kwa Dziko Kudzera pa Intaneti

Unduna ukudziwitsa alimi, ochita malonda ndi anthu onse, makamaka a m'dera la Mfumu Yaikulu Nazombe m'boma la Phalombe, kuti mtengo umene umaoneka pa tsamba la intaneti la wogulitsa wa kunja si mtengo umene katunduyo adzafikire nawo m'manja mwa wogula. Mtengowo ndi chiyambi chabe. Pamwamba pake pamabwera ndalama zonyamulira, misonkho imene bungwe la Malawi Revenue Authority, MRA, limatolera katundu akamalowa m'dziko, ndalama za ku banki, za oombola katundu, komanso za ulendo wochoka ku Blantyre kukafika ku Chiringa kapena kumudzi kumene wogulayo amakhala. Nthawi zambiri zowonjezerazi zimaposa mtengo wa katundu mwini wake. Zonsezi zimatheka kuziwerengera pa pepala munthu asanatulutse ndi tambala yomwe, ndipo nkhani ino ikufotokoza kawerengedwe kake.

Chitsanzo chimene chikutsatiridwa

Tiyerekeze kuti wochita malonda wina wa pa msika wa Chiringa wagulitsa nandolo wake ndipo akufuna kuika ndalamazo mu geni ya zikwama za ana a sukulu. Waona pa foni yake kuti wogulitsa wina wa ku China akugulitsa chikwama chimodzi pa madola 5 a ku Amereka. Akufuna zikwama 20, ndiye kuti madola 100. Mitengo ya wogulitsa, ya onyamula ndi ya ma ejenti imene ili m'chitsanzochi ndi yongoyerekeza, kuti njira ya kawerengedwe ioneke bwino. Koma mlingo wa msonkho wa VAT ndi mphamvu ya kwacha ndi za m'chaka cha 2024, pamene VAT inali 16.5 peresenti ndipo dola imodzi inkagulitsidwa m'mabanki pa ndalama pafupifupi K1,750. Milingo ya misonkho imasintha Nyumba ya Malamulo ikavomereza ndondomeko ya zachuma, choncho wogula aliyense ayenera kufunsa ku MRA mlingo umene ukugwira ntchito pa nthawi imene akugula, n'kuuika m'malo mwa umene walembedwa pano. Njira ya kawerengedwe yokha ndiyo sisintha.

Pa mtengo wa K1,750, madola 100 ndi K175,000, ndipo chikwama chimodzi chikuoneka ngati cha K8,750. Apa ndi pamene ambiri amasiyira kuwerenga, n'kuyamba kale kuganizira za phindu.

Ndalama zonyamulira: kulemera ndi kukula kwa katoni

Makampani onyamula katundu pa ndege salipiritsa potengera sikelo yokha. Amayang'ananso malo amene katoni ikudya m'ndegemo, chifukwa katoni ya thonje imadzaza malo ofanana ndi katoni ya misomali ngakhale kuti ndi yopepuka. Amayeza utali, mulifupi ndi msinkhu wa katoni m'masentimita, n'kuchulukitsa manambala atatuwo, kenako n'kugawa ndi 5,000. Ena amagawa ndi 6,000. Yankho lake amalitenga ngati makilogalamu, ndipo amaliyerekeza ndi kulemera kwenikweni kwa katoniyo. Wogula amalipira potengera nambala imene yakula pa ziwirizo.

Zikwama 20 za m'chitsanzo chino zikulemera makilogalamu 8 pa sikelo. Koma katoni yake ndi ya masentimita 60 m'litali, 40 m'lifupi ndi 40 msinkhu. Kuchulukitsa manambalawa kukupereka 96,000, ndipo kugawa ndi 5,000 kukupereka 19.2, imene onyamula adzaikweza kukhala makilogalamu 20. Ngati akulipiritsa madola 7 pa kilogalamu, wogula amene ankayembekezera kulipira madola 56 pa makilogalamu 8 adzalipira madola 140. Ndalama zonyamulira zaposa kale mtengo wa zikwamazo.

N'chifukwa chake katundu wofufuma, monga zikwama, nsapato za m'mabokosi, mabulangete, zidebe ndi mapampu opoperera mbewu, sapindulitsa kubwera pa ndege. Ndege imayenera tinthu ting'onoting'ono ta mtengo wapatali: chipangizo cha makina chimene chasowa m'dziko muno, kachida koyezera chinyezi m'mbewu, kapena zida za mafoni. Wogula asanalipire afunse wogulitsa muyeso wa katoni, osati kulemera kokha. Wogulitsa amene akukana kunena muyesowo ndiye kuti nayenso sanauwerengere, kapena akufuna wogula adzaudziwe ndalama zitapita kale.

Mawu akuti "free shipping" amene amaoneka pa masamba ambiri satanthauza kuti katundu adzafika ku Phalombe ulere. Kawirikawiri amatanthauza kunyamula kwa m'dziko la wogulitsayo, kapena kuti ndalama zonyamulira zaphatikizidwa kale mu mtengo wa katundu, ndipo sakhudza misonkho ya ku Malawi ngakhale pang'ono. Zilembo zofunika kuziyang'ana pa pepala la malonda ndi zina. Pakalembedwa DDP ndiye kuti wogulitsa walonjeza kulipira zonse pamodzi ndi misonkho ya kuno. Pakalembedwa DAP ndiye kuti adzafikitsa katundu koma misonkho ndi ya wogula. Pakalembedwa FOB kapena EXW ndiye kuti ngakhale ulendo waukulu wa katunduyo uli pa mutu pa wogula.

Mtengo umene MRA imawerengerapo msonkho

Ambiri amaganiza kuti msonkho umawerengedwa pa mtengo wa katundu wokha. Sizili choncho. M'Malawi msonkho wa kasitomu umawerengedwa pa mtengo wa katundu, kuphatikiza ndalama zonyamulira kufikira polowera m'dziko muno, kuphatikizanso inshulansi. Pa mapepala a kasitomu chiwerengero chimenechi chimalembedwa kuti CIF. Tanthauzo lake kwa wogula ndi lakuti dola iliyonse imene wawonjezera pa kanyamulidwe imakhomeredwanso msonkho, ngati kuti ndi mbali ya katunduyo.

M'chitsanzo chino katundu ndi wa madola 100, kunyamula madola 140, ndipo inshulansi tiyerekeze kuti ndi madola 4. Zonse pamodzi ndi madola 244. Pa K1,750 dola imodzi, ndalamazi ndi K427,000. Misonkho yonse iyambira pa K427,000, osati pa K175,000 imene wogula anaona pa foni.

Pali misonkho itatu ikuluikulu, ndipo chofunika kumvetsa ndi chakuti imasanjikizana, uliwonse umawerengedwa pamwamba pa unzake. Woyamba ndi msonkho wolowetsera katundu, umene mlingo wake umatengera gulu limene katunduyo ali m'buku la misonkho ya kasitomu. Katundu aliyense ali ndi nambala yake m'bukuli, imene pa mapepala imatchedwa HS code. Mwachidule, zipangizo zopangira zinthu ndi makina ambiri amakhala ndi mlingo wotsika kapena salipira konse, pamene katundu wotha kale kupangidwa, wongofikira kugulitsidwa m'sitolo, nthawi zambiri amakhala pa 25 peresenti. Wachiwiri ndi msonkho wa eksaizi, umene umakhudza katundu wina wosankhidwa, monga mowa, fodya wosuta, zodzoladzola ndi magalimoto. Umenewu umawerengedwa pa mtengo wa CIF utaphatikizidwa kale ndi msonkho woyamba uja. Wachitatu ndi VAT, imene imabwera pomaliza ndipo imawerengedwa pa zonse zimene zatsogola.

Tiyerekeze kuti zikwamazi zili m'gulu la 25 peresenti ndipo zilibe eksaizi. Kawerengedwe kake ndi aka:

```
427,000 x 25%   = 106,750
427,000 + 106,750 = 533,750
533,750 x 16.5% =  88,069
106,750 + 88,069 = 194,819
```

Msonkho wolowetsera katundu ndi K106,750, VAT ndi K88,069, ndipo yonse pamodzi ndi K194,819. Misonkho yokha yaposa K175,000 imene inagulira zikwamazo. Izi sizikutanthauza kuti msonkho ndi woposa 100 peresenti. Chachitika n'chakuti ndalama za ndege zakweza maziko amene msonkhowo ukuwerengedwapo. Munthu amene sanamvetse mfundo imeneyi amafika pa kauntala ya kasitomu ku Chileka ali ndi ndalama zosakwana, n'kumaganiza kuti amubera.

Amene angaphatikize milingo iwiriyo mwachindunji, 25 ndi 16.5, adzapeza 41.5 peresenti, ndipo adzaperewera, chifukwa VAT imakhomeredwanso pa msonkho woyamba. Njira yachidule yolondola ndi kuchulukitsa 1.25 ndi 1.165, zimene zimapereka pafupifupi 1.456. Ndiye kuti pa K100 iliyonse ya mtengo wa CIF wogula akonzeke kuwonjezera pafupifupi K46. Katundu wa m'gulu la 10 peresenti amafuna pafupifupi K28 pa K100 iliyonse. Katundu wa 25 peresenti amene alinso ndi eksaizi ya 10 peresenti amafuna pafupifupi K60. Ndipo katundu amene salipira msonkho wolowetsera akhoza kulipirabe VAT, pokhapokha ngati lamulo la VAT lamuchotsanso. Mlimi amene wamva kuti zipangizo zina za ulimi kapena za magetsi a dzuwa zinachotseredwa msonkho asangodalira zomva. Kuchotsera kumatsata nambala ya katundu m'buku lija, ndipo chinthu ndi zida zake zosinthira zikhoza kukhala m'magulu osiyana. Nzeru ndi kupita ndi chithunzi ndi dzina lenileni la chinthucho ku ofesi ya MRA, kukafunsa nambala yake ndi milingo yonse itatu ndalama zisanatumizidwe.

Ochita malonda adziwenso kuti katundu wochuluka, wooneka kuti ndi wokagulitsa, amaomboledwa ngati katundu wa malonda. Pamafunika nambala ya wokhoma msonkho, TPIN, ndi kulembetsa katunduyo kudzera mwa ejenti wovomerezeka ndi MRA, amene amalowetsa zonse m'makina a kasitomu otchedwa ASYCUDA World. Pakhozanso kukhala ndalama yolembetsera, ndiponso msonkho wa phindu wolipiriratu kwa amene mapepala awo a msonkho sali m'malo. Ejenti woona mtima amanena zonsezi poyambirira ndipo amapereka pepala lochokera ku MRA losonyeza msonkho uliwonse pa mzere wakewake.

Kwacha ndi tsiku lowerengera

Katundu amalipiridwa tsiku lina, msonkho umalipiridwa tsiku lina. A kasitomu amasintha madola kukhala makwacha potengera mtengo wa dola pa nthawi imene katundu akulembetsedwa, osati pa tsiku limene wogula analipira wogulitsa. Pakati pa masiku awiriwa pakhoza kudutsa masabata kapena miyezi, ndipo kwacha siidikira munthu.

M'mwezi wa Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. M'mwezi wa Novembala 2023 inatsitsanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa ndalama pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Katoni ya zikwama ya madola 244 ikanalembetsedwa kusinthaku kusanachitike ikanalipira misonkho pafupifupi K131,000. Katoni yomweyo, ikanachedwa sabata imodzi yokha n'kulembetsedwa pambuyo pake, ikanalipira pafupifupi K189,000. Kusiyana kwa K58,000 kumeneku kukanabwera popanda mlingo wa msonkho uliwonse kusintha. Choncho amene katundu wake atenge nthawi pa njira asunge ndalama ina yapadera pamwamba pa imene wawerengera, ndipo asaiike mu geni ina katunduyo asanaomboledwe.

Palinso kusiyana pakati pa mtengo wa dola umene umalengezedwa ndi umene wogula amalipira. Banki imagulitsa dola pa mtengo wake wogulitsira ndipo imadula ndalama ina pa malipiro a kunja odzera pa khadi. Pa nyengo imene ndalama zakunja zikusowa, mabanki amachepetsanso kuchuluka kwa madola amene khadi ingalipire, kotero kuti ena amalipira kudzera mwa anthu kapena makampani oitanitsira anzawo katundu, amene amawerengera dola pa mtengo wokwera kuposa wa ku banki. Powerengera mtengo weniweni, wogula aike ndalama zimene zatulukadi m'thumba mwake, osati mtengo wa pa wailesi. Ndipo adziwe kuti kugula madola kwa anthu opanda chilolezo ndi kuphwanya malamulo a kasinthidwe ka ndalama, komanso kumamusiya wopanda umboni wa malipiro pamene a kasitomu aufuna.

Kuchoka ku Blantyre kukafika kwa Nazombe

Katundu wa pa ndege wopita kuchigawo cha kummwera amaomboledwa kawirikawiri ku Blantyre, ndipo wina amatera ku Lilongwe pa bwalo la Kamuzu. Timapaketi ting'onoting'ono todzera ku Malawi Posts Corporation timayenderanso m'manja mwa a kasitomu tisanapitirire ku positi ofesi ya wogula. Katundu wa onyamula ena amathera pa ofesi yawo ya mumzinda, ndipo mwini wake ayenera kukamutenga kapena kulipira galimoto yomubweretsera. Kwa munthu wa kwa Nazombe, kuseri kwa mapiri a Mulanje ndi Michesi, uwu ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo pepala limodzi likasowa ulendowo umakhala wa kawiri. M'dzinja njira za kumeneko sizidalirika. Anthu a m'derali akukumbukira mmene namondwe Freddy anadulira misewu ndi milatho ya ku Phalombe m'mwezi wa Malichi 2023. Katundu akakhalitsa osaomboledwa amayamba kulipira ndalama yosungira tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi yoikika ikadutsa lamulo limalola MRA kumugulitsa pa okushoni.

Pa chitsanzo chino tiyerekeze kuti banki yadula K13,000, ejenti ndi osunga katundu atenga K40,000, ndipo ulendo wa ku Blantyre, kupita ndi kubwera pamodzi ndi katoni, wadya K35,000. Zimenezi ndi K88,000. Tikaphatikiza K427,000 ya katundu ndi kunyamula, K194,819 ya misonkho ndi K88,000 imeneyi, tikupeza pafupifupi K710,000. Kugawa ndi zikwama 20 kukupereka K35,500 pa chikwama chimodzi, chija chinkaoneka ngati cha K8,750. Mtengo wakwera kanayi. Zikwama ziwiri zikapezeka zong'ambika zipi, zotsala 18 zidzasenza ndalama zonse, ndipo chimodzi chidzafika pa K39,400. Kubweza ziwirizo ku China n'kosatheka m'nzeru za malonda, popeza ndalama yotumizira ingapose mtengo wake, ndipo msonkho wolipira kale subwezedwa chabe chifukwa wogula sanakhutire ndi katundu.

Nambala yoyenera kuyerekeza ndi mtengo wa zikwama zofanana nazo m'mashopu a pikulitsa ku Limbe ndi K35,500, osati K8,750. Ngati ku Limbe chikwama chotere chikupezeka motsika kuposa pamenepo, kuitanitsa kunja ndi kutaya ndalama za nandolo, chifukwa a ku Limbe amabweretsa katundu wawo m'makontena athunthu ndipo ndalama zonyamulira chikwama chimodzi zimakhala zochepa kwambiri.

Katoni yomweyo itadzera pa nyanja

Katundu wa pa sitima ya pamadzi amafika pa madoko a Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, n'kulowa m'Malawi pa galimoto kapena pa njanji kudzera m'zipata monga Mwanza, Dedza, Songwe ndi Nayuchi. Makampani amene amasonkhanitsa katundu wa anthu ambiri m'kontena imodzi amalipiritsa potengera malo amene katundu akudya. Katoni ya m'chitsanzo chino ikudya pang'ono kuchepera gawo limodzi mwa magawo khumi a bokosi la mita imodzi mbali zonse. Tiyerekeze kuti kunyamula kwake ndi madola 40. Mtengo wa CIF utsika kufika pa madola 144, amene ndi K252,000, ndipo misonkho ikhala pafupifupi K115,000. Kuphatikiza ndi K88,000 ija, zonse zikwana K455,000, kapena K22,750 pa chikwama. Madola 100 amene apulumutsidwa pa kanyamulidwe apulumutsanso pafupifupi K80,000 ya misonkho.

Mtengo wa njira imeneyi ndi nthawi. Katundu amatenga miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina kuposa, ndalama zili zomangika, kwacha ikhoza kugwa, ndipo zikwama zofika sukulu zitatsegulidwa kale zimadikira teremu ina. Makampani ena otere amatchula mtengo umodzi wophatikiza kunyamula ndi msonkho. Zimenezi zimapeputsa kawerengedwe, koma wogula afunse kuti zilembedwe pa pepala, ndipo adziwe kuti katundu adzamutengera kuti.

Zimene zimasokoneza kawerengedwe

Wogulitsa wina amadzipereka kulemba mtengo wotsika pa invoyisi, kapena kulemba kuti katunduyo ndi mphatso. Wogula asavomere. A kasitomu ali ndi mphamvu yokana mtengo umene akuukayikira, kufuna umboni wa malipiro, ndi kuwerengera msonkho potengera mtengo wa katundu wofanana naye amene analowa kale. Kunama pa mtengo ndi mlandu pansi pa lamulo la Customs and Excise Act, ndipo chilango chake chikhoza kukhala chindapusa kapena kulandidwa katundu. Kuwonjezera apo, katundu akatayika pa njira, chipukuta misozi chimatsata mtengo wabodza womwewo. Invoyisi, pepala la onyamula ndi umboni wa ku banki ziyenera kunena chinthu chimodzi.

Amene ali ndi abale ku Joni ndipo amagula pa masamba a ku South Africa amamva kuti katundu wa m'mayiko a SADC ndi COMESA amalipira msonkho wotsika. Izi zimakhudza katundu wopangidwa m'mayikowo ndipo wabwera ndi chiphaso chotsimikizira kumene anapangidwira. Wailesi yopangidwa ku China siisanduka ya ku South Africa chifukwa yagulidwa m'sitolo ya ku Johannesburg. Ngakhale pamene msonkho wolowetsera wachotsedwa, VAT imalipiridwabe.

Katundu wina samasulidwa ndi ndalama zokha. Mbewu ndi zomera zimafuna chilolezo cha unduna woona za ulimi. Mankhwala ophera tizilombo m'munda amafuna chilolezo cha Pesticides Control Board. Zida zina za mauthenga zimayenera kuvomerezedwa ndi MACRA, katundu wina amayesedwa ndi Malawi Bureau of Standards, ndipo wina ali pa mndandanda wa katundu wofuna chilolezo cha unduna woona za malonda pansi pa lamulo la Control of Goods Act. Zilolezozi zimatengedwa katundu asananyamuke, ndipo ndalama ndi maulendo ake zilowe nawo m'chiwerengero. Mlimi amene waitanitsa paketi ya mbewu ya tomato popanda chilolezo akhoza kutaya mbewuyo pamodzi ndi ndalama zonse zimene analipira. Pa zida za magetsi, wogula aonetsetse kuti zalembedwa 220V mpaka 240V, popeza magetsi a m'Malawi ndi a mphamvu ya 230V. Chida cha 110V chopangidwira dziko la Amereka chimapsa chikangolumikizidwa, pokhapokha pagulidwenso kachipangizo kotsitsa mphamvuyo, kamene nakonso kali ndi mtengo wake, kulemera kwake ndi msonkho wake.